Kuchokera pa themisita kufika pa nambala: mlatho ndi opu-ampu m'makina oswetsera mazira

Themisita ndi kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mapira, kokhala ndi timiyendo tiwiri ta waya, komwe kamakaniza magetsi molingana ndi kutentha kwa pamalo pomwe kali. Mtundu wofala kwambiri, womwe pamapaketi amaulemba NTC, umakaniza kwambiri kukazizira, ndipo kukamatentha umalola magetsi kudutsa mosavuta. Khalidwe lotere analiona ndi Michael Faraday m'chaka cha 1833. Vuto ndi loti kakompyuta koyendetsa makina sikamva kukaniza. Kamawerenga mavoti okha, kudzera pa chigawo chosandutsa mavotiwo kukhala manambala, chomwe amisiri amangochitchula ADC. Pakati pa themisita ndi ADC pamafunika njira yokonzera uthengawo, ndipo njira yodziwika bwino ndi ya mlatho wa marezisita wotsatana ndi opu-ampu.

Chitsanzo chabwino ndi makina oswetsera mazira a nkhuku. Mazira amafuna kutentha kwa madigiri 37.5 kwa masiku 21, ndipo kulakwa kwa digiri imodzi kukatenga nthawi yaitali kumachepetsa anapiye oswa. Themisita yogulika mosavuta ndi ya maomu 10,000 pa madigiri 25, yokhala ndi nambala B ya 3950, yomwe imasonyeza kuti kukaniza kumatsika msanga motani. Themisita imeneyi imakhala ndi maomu 8,037 pa madigiri 30, maomu 5,868 pa madigiri 37.5, ndi maomu 4,348 pa madigiri 45. Manambalawa akuonetsa kuti katsikidwe kake si kofanana: theka loyamba yataya maomu oposa 2,100, theka lachiwiri 1,500 okha.

Choyamba ndi kusandutsa kukaniza kukhala mavoti. Themisita imalumikizidwa kumwamba, rezisita ya maomu 4,700 kumunsi, ndipo mavoti amatengedwa pomwe ziwirizi zakumana. Kukamatentha, mavoti a pamfundoyi amakwera. Chosangalatsa ndi choti kagawidwe kotere kali ndi kupindika kwake komwe kumawongola kupindika kwa themisita, malinga rezisita yasankhidwa yocheperako pang'ono kuyerekeza ndi themisita pakati pa malire ofunikawo.

Mavoti odyetsera nthambi imeneyi amafuna kusamala. Munthu wofulumira amangotenga mavoti 5 a pa bolodi ya Arduino Uno, koma magetsi odutsa mu themisita amaitenthetsa yokha. Pa mavoti 5, themisita ya madigiri 37.5 imatentha ndi mamiliwati 1.3, pomwe ka themisita kakang'ono kokhala mumpweya wosayenda kamakwera digiri imodzi pa mamiliwati 1.5 kapena 2 alionse. Ndiye kuti kakhoza kunena kuti m'bokosi mwatentha ndi pafupifupi digiri yathunthu kuposa mmene muliri, hita n'kumazima msanga, mazira n'kumazizidwa tsiku ndi tsiku mwini wake akuona nambala yokoma pagalasi. Mavoti akatsitsidwa kufika pa 2.5, mwachitsanzo ndi kachipangizo ka TL431, kudzitenthetsako kumatsika kanayi.

Pa mavoti 2.5, mfundo ija imapereka mavoti 0.923 pa madigiri 30, mavoti 1.112 pa madigiri 37.5, ndi 1.299 pa madigiri 45. Digiri iliyonse ikubweretsa mamilivoti 25, mwina pang'ono kuposa apo, mwina pang'ono kuchepera. Mzerewu ndi wowongoka mokwanira. Koma ADC ya mu ATmega328P, chomwe ndi ubongo wa Arduino Uno, ili ngati makwerero a masitepe 1,024 oyambira pa ziro kulekeza pa mavoti oyezera. Uthenga wonse wa themisita ukuyenda pakati pa sitepe 378 ndi 532, masitepe 154 okha, khumi pa digiri. Opanga ADC imeneyi amanena kuti ikhoza kuphonya ndi masitepe awiri, omwe pano ndi madigiri 0.2. Masitepe ena onse, oposa 850, angokhala opanda ntchito.

Apa ndi pomwe mlatho umalowera. Anaupanga ndi Samuel Hunter Christie mu 1833, koma umadziwika ndi dzina la Charles Wheatstone yemwe anautchukitsa mu 1843. Pambali pa nthambi ya themisita pamaikidwa nthambi yachiwiri ya marezisita osasintha, wa maomu 8,200 kumwamba ndi wa 4,700 kumunsi, yodya mavoti 2.5 omwewo. Mfundo yake imakhala pa mavoti 0.911 nthawi zonse. Chomwe chimayezedwa tsopano ndi kusiyana kwa mfundo ziwirizi. Zili ngati wogula chimanga yemwe amayamba wayeza chidebe chopanda kanthu n'kuchotsera kulemera kwake, kuti sikelo iwerenge chimanga chokha. Pa madigiri 29.5 mbali ziwiri zimalingana ndipo kusiyana ndi ziro. Pa 30 ndi mamilivoti 12, pa 37.5 ndi 201, pa 45 ndi 388.

Mamilivoti amenewa ndi omwe opu-ampu imakuza. Imalumikizidwa ndi marezisita anayi kuti izichotsera ndi kuchulukitsa nthawi imodzi. Mfundo ya themisita imapita pa mwendo wolembedwa + kudzera pa rezisita ya maomu 100,000, ndipo kuchoka pa mwendowo rezisita ya 620,000 imatsikira ku ziro. Mfundo yosasintha imapita pa mwendo wa − kudzera pa ya 100,000 ina, ndipo ya 620,000 yachiwiri imachoka pa mwendowo kupita kotulukira.

```
Vout = (620000 / 100000) * (Vt - Vr)
```

Kuchulukitsa ndi 6.2 kumabweretsa mavoti 0.07 pa madigiri 30 ndi 2.40 pa madigiri 45. Makwerero pafupifupi onse agwira ntchito, ndipo digiri imodzi yasanduka masitepe oposa 60. Kampata kasiyidwa dala pansi ndi pamwamba, chifukwa opu-ampu siigwira bwino ikakhudza malire ake.

Kunena zoona, mita ikaikidwa potulukira pa madigiri 37.5 siionetsa mavoti 1.25 omwe samuyo ikulonjeza; imaonetsa 1.21. Chifukwa chake ndi choti mfundo iliyonse ya mlatho ili ndi kukaniza kwakekwake, pafupifupi maomu 3,000, komwe kumaonjezera pa 100,000 aja n'kutsitsa kuchulukitsa kufika pa 6.0. Ndicho chifukwa marezisitawa amasankhidwa akuluakulu. Wogwiritsa ntchito a 10,000 ndi 62,000 amapeza kuchulukitsa kwagwa kufika pafupi ndi 4.8, n'kuyamba kukaikira opu-ampu yosalakwa. Ofuna kuthetseratu vutoli amaika opu-ampu ina yotchinjiriza pa mfundo iliyonse, koma pa makina a mazira kutsika kwa 3 peresenti kumakonzeka poyeza komaliza.

Opu-ampu yake si iliyonse. Ya LM741, yomwe imapezeka m'mabuku ambiri akale, siigwira pa mavoti 5 okha. Ya LM358 imagwira, ngakhale kotulukira kwake kumalekeza cha m'ma 3.5, zomwe pano sizivuta popeza pakufunika 2.4 basi. Chilema chake ndi choti miyendo yake iwiri siilingana kwenikweni. Ikhoza kusiyana ndi mamilivoti 7, ndipo kusiyanaku kumakuzidwa pamodzi ndi uthenga mpaka mamilivoti 50, gawo limodzi mwa magawo atatu a digiri. Ya MCP6002 imafika kufupi ndi malire onse awiri ndipo kulakwa kwake sikupitirira mamilivoti 4.5.

Pamenepa pali chinthu chomwe ambiri amachiphonya. Masitepe 60 pa digiri sakutanthauza kuti makina akunena zoona. Akungotanthauza kuti amaona kasinthidwe kakang'ono. Pa kutentha kumeneku themisita imasintha ndi 4 peresenti pa digiri, choncho rezisita imodzi ya pamlatho yolakwa ndi 1 peresenti imabweretsa bodza la kota ya digiri, ndipo themisita yotchipa ya 5 peresenti ikhoza kunama ndi digiri yoposa imodzi. Opu-ampu imakuza zoona ndi zabodza mofanana. Mankhwala ake ndi kuyeza: themisita yokutidwa bwino imamizidwa m'madzi ofunda otakasa pamodzi ndi choyezera kutentha kwa thupi cha kuchipatala, kamodzi cha pa madigiri 36, kenaka cha pa 40, ndipo manambala awiri omwe ADC yapereka ndi omwe amalowa m'pulogalamu.

Uthenga usanalowe mu ADC umadutsa pa sefa ya rezisita ya maomu 4,700 ndi kapasita ya mamaikirofaradi 10. Waya wautali wa themisita ukayenda pafupi ndi wa hita umatola phokoso la magetsi a m'nyumba, omwe amagwedezeka ka 50 pa sekondi. Chizindikiro chake ndi nambala yovinavina pomwe bokosi lili lotseka. Sefayi imachepetsa phokosolo pafupifupi ka 15, ndipo siichedwetsa kanthu chifukwa kutentha kwa m'bokosi kumasintha mwa mphindi. Kupota mawaya awiri a themisita ngati chingwe kumathandizanso.

Mavoti 2.5 odyetsa mlatho ndi omwenso amapita pa phazi la `AREF` kuti akhale oyezera a ADC. Akatsika ndi 1 peresenti, uthenga ndi makwerero zimafupika limodzi, nambala n'kukhala yomweyo. Pulogalamu iyenera kuuzidwa za mavoti akunjawa isanawerenge koyamba, apo ayi oyezera a mkati amagundana ndi akunja ndipo ATmega328P ikhoza kuonongeka.

```
analogReference(EXTERNAL);
int n = analogRead(A0);
float t = 37.5 + (n - 497) / 62.0;
```

Manambala 497 ndi 62 ndi a pa masamu. Oyezedwa m'madzi aja ndi omwe amalowa m'malo mwake.

Mlatho uli ndi ngozi yake imodzi yobisika. Bokosi likamayatsidwa lili lozizira, pa madigiri 25, opu-ampu imatulutsa ziro chifukwa kutenthako kuli pansi pa malire. Waya wa themisita ukaduka, kapena khoswe akauluma, imatulutsanso ziro. Kakompyuta sikangasiyanitse ziwirizi, ndipo kamasiya hita yoyaka mpaka mazira kupsa. Njira yake ndi kutenga waya wina kuchoka pa mfundo ya themisita, osadzera pa opu-ampu, kupita pa phazi la `A1`. Pa madigiri 25 phazili limawerenga 327, ndipo ngakhale m'mamawa wa mwezi wa Juni limakhalabe pamwamba pa 100. Waya ukaduka limagwa kufupi ndi ziro. Pulogalamu ikaona nambala yochepera 50 pa `A1`, iyenera kuzimitsa hita ndi kuliza belu.