Lendi yonse si phindu: msonkho wa mwini nyumba

Pakatha mwezi, lendi ikalowa pafoni kapena kubanki, eni nyumba ambiri amaiwerenga yonse ngati yawo. Sizodabwitsa. Munthu anavutika kuumba njerwa, anakangana ndi amisiri, mwina mpaka lero akubweza ngongole, ndiye wina abwere kudzanena kuti pa ndalamayo palinso gawo la boma? Komatu lilipo. Lendi ndi ndalama yolowa monga malipiro a pantchito, ndipo bungwe lotolera misonkho la MRA limayembekezera kuti mwini nyumba aiulule. Chomwe ambiri sadziwa nchakuti msonkhowo sawerengera pa lendi yonse. Amawerengera pa zotsala mukachotsa ndalama zomwe mwawononga kuti lendiyo ipezeke. Ndime 28 ya lamulo la msonkho imalola kuchotsa ndalama yomwe yagwiritsidwa ntchito kaamba kopezera ndalama yolowayo basi, bola isakhale yogulira kapena kukulitsira chuma chenichenicho. Nkhani yonse yagona pa malire amenewa.

Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito m'boma, amene ali ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Area 25 mu Lilongwe. Iye amakhala kwina, nyumbayo anachititsa lendi pa K400,000 pamwezi. Pachaka ndi K4,800,000. Chaka cha msonkho kuno kwathu chimayamba pa 1 Epulo nkutha pa 31 Malichi, choncho zonse tiwerengazi zikhale zochitika m'miyezi imeneyi.

Mvula itayamba, alendi anaimba foni kuti kuchipinda kwa ana kukudontha. Mmisiri atakwera anapeza malata asanu ndi limodzi atachita dzimbiri m'mabowo a misomali, siling'i nayo itafufuma nkuyamba kulendewera. Kugula malata ena ofanana ndi akalewo, misomali, mabolodi a siling'i ndi kulipira mmisiri zinakwana K350,000. Kenaka anapentetsa nyumba yonse pa K250,000, poti makoma anali atada. Chaka chomwecho alendi anadandaula za akuba, ndipo mayiyu anamangitsa mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo pa K2,000,000, pomwe kale panalibe mpanda uliwonse.

M'maso mwa mayiyu zonsezi ndi ndalama zomwe nyumba yadya. M'maso mwa wamsonkho zili pawiri. Malata ndi penti ndi kukonza: zabwezeretsa nyumba momwe inalili, kuti ipitirize kubweretsa lendi yomwe ija. Izi zimachotsedwa, K600,000 yonse. Mpanda ndi chinthu chatsopano, wawonjezera mtengo wa nyumba ndipo ukhalapo zaka zambiri. Umenewo suchotsedwa pa lendi ya chaka chimenecho, ngakhale unamangidwa chifukwa cha pempho la alendi.

Funso lothandiza kusiyanitsa ndi ili: kodi ntchitoyo itatha, nyumba yabwerera pomwe inali, kapena yakhala ndi chomwe inalibe? Pampu yodontha kuikapo ina, loko wothyoka, galasi losweka, kupopa thanki ya chimbudzi ikadzaza, zonsezi nkubwezeretsa. Kuwonjezera chipinda, kukumba mjigo, kuika thanki yamadzi pamwamba pomwe inalibe, izi nkukulitsa. Povuta ndi pakatipa. Simenti yapansi yang'ambika, inu mmalo moziranso mwaika matailosi nyumba yonse. Mng'alu watha ndithu, koma nyumbayo yakweranso giredi, ndipo musadabwe akakuuzani kuti kumeneko sikukonza chabe. Chimodzimodzi amene wagula nyumba yophwasuka pamtengo wotsika nkuikonza kaye isanalowe alendi: ndalama imeneyo kawirikawiri imatengedwa ngati mbali ya mtengo wogulira. Langizo langa nlakuti mmisiri akagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, yokonza ndi yowonjezera, alembe mapepala awiri osiyana. Lisiti limodzi longoti "ntchito ya panyumba, K2,600,000" likhoza kukutayitsani ndi ya malata yomwe inali yoyenera kuchotsedwa. Malisiti a mpandawo musataye, adzagwira ntchito tsiku lomwe mudzagulitse nyumba, powerengera kuti inakudyerani zingati.

Za inshuwalansi nzachidule. Ndalama yomwe mumalipira chaka ndi chaka poteteza nyumba yalendiyo ku moto, mphepo kapena madzi osefukira imachotsedwa. Mayi wathuyu amalipira K120,000. Inshuwalansi ya moyo wanu, ya galimoto kapena ya nyumba yomwe mukukhalamo nokha ilibe gawo pano. Ndipo mphepo ikasasula denga, kampani ya inshuwalansi nkulipira zokonzera, simungachotsenso ndalama yomweyo ngati kuti inatuluka m'thumba mwanu. Pambali pa izi mayiyu analipira K80,000 ya maleti ku khonsolo ya mzinda, yomwenso imachotsedwa.

Pomwe anthu amapunthwa kwambiri ndi pa ngongole. Mayiyu anamalizitsa nyumba ndi ngongole ya kubanki, ndipo mwezi uliwonse amadulidwa K200,000, pachaka K2,400,000. Mtima umafuna kuchotsa yonseyi, poti yonse yatulukadi. Koma ndalama yomwe banki imadula ili ndi mbali ziwiri zosakanizika. Mbali ina ikubweza ngongole yeniyeniyo, ina ndi chiwongoladzanja, chomwe ndi mtengo wobwerekera. Chochotsedwa ndi chiwongoladzanja chokha. Kubweza ngongole yeniyeni sikuwononga ndalama, nkugula nyumba yanu pang'onopang'ono: mwezi uliwonse njerwa zingapo zimachoka m'manja mwa banki nkukhala zanu.

Mungadziwe bwanji magawowo? Osachita kuyerekeza. Pemphani kubanki sitetimenti ya akaunti ya ngongoleyo kuyambira Epulo mpaka Malichi, yosonyeza chiwongoladzanja pachokha. Ya mayiyu yasonyeza K1,500,000 chiwongoladzanja, K900,000 yobweza ngongole. Chaka chamawa nambalazi sizidzafanana ndi izi. Ngongole ikadali yatsopano, chiwongoladzanja ndicho chimadya gawo lalikulu. Ikamatha, gawolo limachepa, ndiye kuti chochotsa chanu chikuchepa ndipo msonkho ukukwera ngakhale lendi isanasinthe. Amene amangokopera nambala ya chaka chatha amalakwitsa apa.

Palinso msampha wina. Chofunika si chomwe munapereka ngati chikole, koma komwe ndalama ya ngongoleyo inapita. Mukapinyolitsa nyumba yalendi nkutenga ndalama kukagulira galimoto yoyendera banja kapena kulipirira mwana fizi, chiwongoladzanja chake sichichotsedwa pa lendi, ngakhale pepala la banki likutchula nyumbayo. Ngati theka linamanga nyumba, theka linapita ku ukwati, chotsani theka. Kugawa kotereku kumafunikanso kwa amene mukukhala m'nyumba yaikulu nkuchititsa lendi kanyumba ka kuseri: maleti, inshuwalansi ndi chiwongoladzanja za pulotiyo muzigawe mwachilungamo, mwachitsanzo potengera kukula kwa nyumba ziwirizo, ndipo njira yomwe mwasankha muzitsata yomweyo chaka chilichonse.

Tsopano tiphatikize. Kukonza K600,000, inshuwalansi K120,000, maleti K80,000, chiwongoladzanja K1,500,000. Zonse pamodzi K2,300,000. Tikachotsa pa K4,800,000 patsala K2,500,000, ndipo ili ndilo phindu lokhomeredwa msonkho. Phinduli siliima palokha, limaunjikidwa pamwamba pa ndalama zina zomwe munthu wapeza chaka chimenecho. Poti mayiyu ali pantchito, gawo lija losadulidwa msonkho linatha kale ndi malipiro ake, sangalipezenso kachiwiri pa lendi. Magawo a msonkho amasintha kawirikawiri nduna ya zachuma ikapereka bajeti, koma tiyerekeze kuti phindu lonseli lagwera pa gawo la 30 peresenti. Msonkho wake ndi K750,000. Akanakhala wopanda umboni wa zomwe anawononga, 30 peresenti ikanagwera pa K4,800,000 yonse, kukhala K1,440,000. Envulopu ya malisiti ija yamupulumutsira K690,000.

Onani bwino apa, chifukwa mpomwe pamawawa. M'thumba mwa mayiyu chaka chimenechi simunatsale kanthu: walandira K4,800,000, koma mpanda, ngongole ndi zina zija zadya K5,200,000. Iye akuti waluza. Wamsonkho akuti wapindula K2,500,000, ndipo potsata lamulo wamsonkhoyo akunena zoona, chifukwa K2,900,000 ya mpanda ndi yobweza ngongole yasanduka chuma chake. Amene akufuna kumanga mpanda ndi ndalama ya lendi ayambe wapatula ya msonkho.

Nkhani imasintha pang'ono malinga ndi amene akukhala m'nyumbamo. Ngati ndi kampani kapena bungwe, limadulirathu msonkho pa lendi lisanakulipireni nkukapereka ku MRA m'dzina lanu. M'zaka zaposachedwapa mlingo wake wakhala 20 peresenti, ndiye pa K400,000 mayiyu angamalandire K320,000, ndipo pachaka yodulidwa ingakwane K960,000. Eni nyumba ambiri amaganiza kuti akadulidwa chonchi nkhani yatha. Ayi, chimenechi ndi chiphaso chabe cha kulipiriratu. Kwa mayiyu msonkho woyenera ndi K750,000, kutanthauza kuti walipira mopitiriza ndi K210,000, yomwe angapemphe kuti ibwezedwe kapena isungidwire msonkho wamtsogolo. Koma sangaione ngati sanapereke fomu yake ya pachaka, komanso ngati alibe masatifiketi osonyeza kuti ndalamayo inadulidwadi. Satifiketiyo muziitanitsa nthawi yomweyo. Bungwe likasamuka, kapena wowerengera ndalama wake akasiya ntchito, mudzayenda mpaka nsapato kutha. Ngati alendi anu ndi banja wamba, palibe amene akudulirani, K750,000 yonse muyenera kukapereka nokha, ndipo nkwanzeru kufunsa ku ofesi ya MRA za kulipira m'magawo miyezi itatu iliyonse kusiyana nkudikira chimtolo chakumapeto.

Kuti zonsezi ziyende pamafunika nambala yanu ya msonkho, TPIN, ndipo fomu ya pachaka imaperekedwa pasanathe masiku 180 chaka cha msonkho chitatha, ndiye kuti chakumapeto kwa Seputembala. Masiku ano zambiri zimachitikira pa Msonkho Online. Kuchedwa kumabala chilango ndi chiwongoladzanja.

Vuto lenileni la kuno kwathu si masamu, ndi umboni. Amisiri athu ambiri alibe buku la malisiti. Mumagwirizana pakamwa pansi pa mtengo wa mango, mwamupatsa ndalama m'manja, wakwera njinga wapita. Gulani kabuku kanu, azilembamo dzina, nambala ya foni, tsiku, ntchito yomwe wagwira ndi ndalama yomwe walandira, nkusaina. Kulipira kudzera pafoni kapena kubanki kumasiya mapazi, nkwabwino kuposa m'manja. Jambulani denga lisanakonzedwe ndi litakonzedwa. Malisiti a m'sitolo za zipangizo, aja a pepala loterera, amafufutika pakangopita miyezi yochepa, choncho ajambuleni tsiku lomwelo. Ndipo ngati munakwera nokha padenga Loweruka nkukhoma malatawo, chotsani mtengo wa malata ndi misomali basi. Thukuta lanu lilibe lisiti, silichotsedwa.