Mukufuna kutsegula famase kumudzi? Musayambe ndi lendi

Ambiri amene ali ku Joni kapena ku Mangalande akasunga kandalama amaganiza zotsegula famase ku Malawi, m'bale wawo n'kumayang'anira. Nthawi zambiri amayamba ndi kulipira nyumba ndi kuoda mankhwala, za chiphaso n'kudzafunsa pomaliza. Apa ndi pamene ndalama zimalowa m'madzi.

Tiyerekeze kuti mayi wina amene amagwira ntchito ya unamwino ku Manchester watumiza ndalama kwa mchimwene wake ku Lilongwe. Mchimweneyo wapeza shopu ku Area 25, walipira lendi ya miyezi 6, wakhoma mashelefu. Kodi angatsegule? Ayi. Famase imayendera chiphaso cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe anthu amangoti PMRA. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndipo linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Kulembetsa bizinesi, kutenga nambala ya msonkho ku MRA ndi chilolezo cha khonsolo n'zofunika, koma palibe mwa zimenezi chimene chimaloleza kugulitsa mankhwala.

Choyamba chimene mayiyu anayenera kupeza ndi munthu. Famase imafuna famasisti wolembetsedwa ku PMRA, amene amayang'anira ntchito ndi kuyankha mlandu pa mankhwala alionse otuluka m'shopumo. Unamwino wa mayiyu sungalowe m'malo mwa zimenezi. Ngakhale ife amene tinaphunzira za mankhwala kunja, digiri payokha siyikwanira: tiyenera kulembetsa kaye kumudzi. Choncho musanagwirizane za malipiro, onani satifiketi yake, mutsimikize kubungweko kuti ikugwirabe ntchito. Funsaninso komweko malamulo a umwini musanalembetse kampani, kuti mudziwe malo a famasistiyo m'bizinesiyo.

Pali njira yachidule imene ena angakunong'onezeni, yobwereka satifiketi ya famasisti n'kuipachika pakhoma mwiniwake ali kwina. Ikaneni. Oyendera akabwera amafuna munthuyo, osati pepala lake lokha. Komanso wodwala shuga amene wapatsidwa mankhwala olakwika ndi mnyamata wapakauntala angathe kukomoka usiku womwewo.

Famasisti akapezeka, ndiye apite kukaona nyumbayo lendi isanalipidwe, chifukwa oyendera amaona malo chiphaso chisanatuluke. Iye adzayang'ana zimene mchimwene uja sanaganizeko. Kodi pali madzi ndi sinki pamalo okonzera mankhwala? Denga likudontha? Pali siling'i, kapena malata okhaokha? Mankhwala ambiri amalembedwa kuti asungidwe pamalo osapitirira madigiri 25 kapena 30, ndipo chipinda cha malata chopanda siling'i chimapitirira pamenepo mu Okutobala. Mankhwala ofuna kalata ya dokotala ayenera kukhala poti wogula sangafikepo yekha, ndipo oopsa monga mofini amakhala m'kabati yokhoma, ndi kaundula wakewake. Zina mwa izi zimafuna kugumula ndi kumanganso, choncho mwininyumba avomere polemba.

Furiji ndiyo imagwetsa ambiri. Insulini ndi katemera zimasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Mufurijimo mukhale choyezera chosonyeza kutentha ndi kuzizira kumene kwafikapo, ndipo manambala azilembedwa m'mawa ndi madzulo. Magetsi akathima usiku n'kuyakanso m'bandakucha, furiji imaoneka yozizira bwinobwino, koma choyezeracho chimaulula kuti inafika mwina pa 15. Kuzizira kwambiri nakonso n'koopsa: insulini ikaundana yatha ntchito, ngakhale itasungunuka. N'chifukwa chake sola kapena jenereta iyenera kukhala m'bajeti yoyambirira. Inu muli kutali, pemphani chithunzi cha pepalalo sabata iliyonse. Mukaona nambala imodzimodzi mwezi wonse, yolembedwa ndi bolopeni imodzi, mwina alemba zonse tsiku limodzi. Oyendera nawonso amazindikira zimenezi.

Mankhwala aodedwe chiphaso chitatuluka, ndipo achokere kwa ogulitsa mopikulitsa amene ali ndi chiphaso cha PMRA. Mayi wa ku Manchester uja sangadzaze mashelefu ndi mankhwala obwera m'sutikesi, ngakhale ali abwino, chifukwa ogulitsidwa m'dziko muno ayenera kukhala ololedwa ndi bungweli, ndipo kuitanitsa kunja kumafuna chilolezo china. Chenjeraninso ndi munthu wobwera ndi katoni ya LA yotchipa yopanda risiti. Ikapezeka kuti ndi ya m'chipatala cha boma, nkhani imakathera kupolisi.

Chiphaso chikatuluka kuyendera sikutha, ndipo oyendera angabwere osanena. Amaona ngati famasisti alipo, ngati mankhwala otha masiku achotsedwa pashelefu, ndiponso ngati malisiti ndi makaundula akugwirizana ndi katundu. Chiphasocho chimafunanso kukonzedwanso chikatha, ndipo famasisti akasiya ntchito bungwe liyenera kudziwitsidwa. Choncho m'pangano lanu lembani nthawi yoti akuuzireni asanachoke, kuti mupeze wina shopu isanatsekedwe lendi ikuwerengabe.