Dziwani nthawi yooda katundu asanathe m'sitolo ya kalabu

Alimi anzanga, mu Disembala chaka chatha mlembi wa kalabu ina ya alimi kufupi ndi nyanja ya Chiuta, m'boma la Machinga, adanditumizira pafoni chithunzi cha ndandanda wa katundu wa m'sitolo yawo. Funso lake lidali lakuti: tiode chiyani mvula isanaononge msewu?

Pa katundu aliyense ndimayang'ana manambala awiri: zimene zatsala, ndi malire oodera. Malirewa ndi chiwerengero chimene katundu akafikapo muyenera kuitanitsa wina. Kuti muwapeze, chulukitsani zimene mumagulitsa pasabata ndi masabata amene katundu amatenga kuti afike, kenaka muonjezere zapadera zodzitetezera.

Titenge feteleza wobereketsa wa Urea. Kalabuyi imagulitsa matumba 10 pasabata, ndipo katundu wochokera ku Liwonde amawafika patatha masabata awiri. Amenewo ndi matumba 20. Tikaonjezera 10 apadera, malire ndi 30. Pachithunzipo padalembedwa 24, choncho ndidaika chizindikiro pamzerewo.

Koma chithunzi chimangoonetsa za tsiku limene chidajambulidwa. Ndidawapempha akawerenge matumba ndi manja, ndipo adapeza kuti atatu adali atanyowa nkuuma gwa. Ogulitsika adali 21 okha.

Feteleza wokulitsa wa NPK adatsala matumba 18 pamene malire ake ndi 25. Nayenso adali pansi, koma nditafunsa ndidamva kuti matumba 40 adalipiridwa kale ndipo ali m'njira. Ameneyu sitidamulembe, poopa kugula kawiri. Mbewu ya chimanga idali mapaketi 45 pa malire a 40, ndiye tidaisiya.

Tsono tigule angati? Kalabuyi imaoda zokwanira masabata anayi pamwamba pa malire. Pa Urea ndi matumba 40 kuphatikiza 30, onse pamodzi 70. Tikachotsa 21 amene alipo, ogula ndi 49. Pa ndandanda wogulira tidalemba dzina la katundu, kulemera kwa thumba komwe ndi makilogalamu 50, chiwerengero, mtengo ndi tsiku limene afunika kufika. Ndalama zikachepa, yambani ndi chimene mbewu sizingadikire. Chimanga chimafuna Urea pafupifupi masabata atatu chitamera, ndipo mukachedwa zokolola zimatsika.

Amene mumasunga ndandanda pakompyuta, ngati zotsala zili mu C ndipo malire ali mu D, lembani izi kuti makina azikuchenjezani okha:

```
=IF(C2<=D2,"GULANI","")
```

Chomaliza, malire amasintha ndi nyengo. Msewu ukachita matope galimoto nkumatenga masabata atatu, malire a Urea amakwera kuchoka pa 30 kufika pa 40. Mukaona kuti katundu akutha woodedwa asanafike, dziwani kuti malire anu ndi otsika, ndipo muwawerengenso sabata yomweyo.