Za Lipoti la Wofufuza Dandaulo

Ambiri a inu mudaonapo munthu wotumidwa ndi a ku boma kapena ndi mfumu yaikulu atafika m'mudzi ndi kope lake, nafunsa anthu masiku awiri kapena atatu, nabwerera. Patapita milungu, pamabwera pepala lotchedwa lipoti, ndipo pakuliwerenga pabwalo ena amapsa mtima, nati wofufuza uja adadya chiphuphu. Kawirikawiri chovuta n'chakuti sadamve bwino mmene lipotilo lidakhalira. Tsono lero tiyeni tilione kuyambira kumutu kufikira kumchira.

Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi ili ndi nkhokwe ya chimanga, ndipo anthu adandaula kuti wosunga nkhokweyo ndi wakuba. Mawu akuti "wakuba" safufuzika. Wofufuza amayamba waphwanya dandaulolo kukhala milandu yaing'ono, uliwonse ndi nambala yake, tsiku lake ndi malo ake. Woyamba: kuti mwezi wa Okutobala adagulitsa matumba 6 popanda chilolezo cha komiti. Wachiwiri: kuti ndalama zake adadya. Wachitatu: kuti adaopseza mayi wina amene adamfunsa za matumbawo. Ndicho chigawo choyamba cha lipoti, pambuyo pa mawu onena amene adatuma wofufuzayo ndi malire a ntchito yake. Wonenezedwa ayenera kuuzidwa milanduyi asanafunsidwe, kuti akonzeke kuyankha. Nkhani ina ikabuka pakati pa njira, monga ya malire a munda, siilowa m'lipoti limeneli ayi.

Chigawo chachiwiri ndicho umboni. Pano wofufuza salemba maganizo ake, koma zimene adaona ndi zimene adauzidwa, ndi dzina la womuuza. Buku la kalabu likuonetsa kuti mudalowa matumba 40, ndipo 30 adagawidwa kwa mamembala amene adadinda chala. M'nkhokwe adawerengamo matumba 4. Akusowa 6. Mwini ngolo akuti adawanyamula kupita nawo kumsika m'bandakucha. Wosunga nkhokwe akuvomera kuti adagulitsa, koma akuti wapampando adamloleza pakamwa kuti agule mankhwala a anankafumbwe ndi malata okonzera denga. Wapampando akukana. Mawu a wonenezedwa ayenera kulembedwa mokwanira monga a odandaula. Mukaona lipoti lopanda yankho lake, dziwani kuti laima ndi mwendo umodzi.

Tsono tafika pa chigawo chachitatu, cha zopeza, ndipo pano mumvetsetse. Ku khoti la milandu ya upandu, munthu samangidwa pokhapokha woweruza atatsimikiza popanda chikayiko chenicheni, pakuti kumeneko kuli ndende. Wofufuza dandaulo sayesa ndi muyeso wolemera chotero. Muyeso wake uli ngati sikelo ya mbale ziwiri: mbale ina muli zosonyeza kuti chinthucho chidachitika, mbale ina zosonyeza kuti sichidachitike. Funso lake ndi ili lokha: kodi chokhulupirika koposa ndi chiti? Sikelo ikapendekera ku mbali ya odandaula, ngakhale pang'ono, amalemba kuti mlandu watsimikizika. Mbale zikalingana, mlandu sunatsimikizike, pakuti amene akunena chinthu ndiye ayenera kuchionetsa. Ndiwonso muyeso wa makhoti pa milandu ya ngongole ndi ya chipukuta misozi.

Onani mmene amayesera mlandu woyamba. Kugulitsa sikukukanidwa, mkangano uli pa chilolezo, ndipo ndi mawu a munthu mmodzi kutsutsana ndi a mnzake. Kodi wofufuza angotaya manja? Iyayi. Amayang'ana zinthu zozungulira. Malamulo a kalabu akuti chimanga chituluke komiti itavomera, osati wapampando yekha. Komiti idakumana patapita masiku atatu, wosunga nkhokwe ali pomwepo, koma m'buku la msonkhano mulibe mawu a kugulitsako. Ndiponso atafunsidwa poyamba ndi mlangizi adati matumbawo adaonongeka ndi anankafumbwe, nasintha mawu pamene mwini ngolo adalankhula. Palibe chimodzi mwa izi chokwanira pachokha, koma zikaikidwa m'mbale imodzi sikelo imapendekera. Wofufuza amalemba kuti watsimikizika, nalembanso zifukwa zimenezi. Zopeza zopanda zifukwa musazikhulupirire.

Anthu pabwalo amaganiza kuti woyamba ukatsimikizika, wachiwiri watsimikizikanso. Apa ndi pamene ofufuza aulesi amagwera. Mlandu uliwonse uli ndi sikelo yake. Wosunga nkhokwe adatulutsa malisiti a kusitolo a mankhwala ndi malata, olingana ndi mtengo wa matumba 4, ndipo malatawo ali padenga, wofufuza adawaona ndi maso. Za matumba 2 otsala palibe lisiti, koma mmisiri wokhoma denga ndi mwini ngolo, ofunsidwa aliyense payekha, adatchula malipiro ofika pafupi ndi mtengo umenewo. Kotero kuti adadya ndalama sikunatsimikizike. Chimene chaoneka ndi kusalemba bwino m'buku. Kunama kwake koyamba kuja kumachititsa kuti mawu ake akayikidwe, koma munthu amanamanso chifukwa cha mantha, ndipo bodza silisandutsa malata kukhala mowa.

Pa mlandu wachitatu padabwera mboni zinayi. Wina angati zinayi n'zambiri. Komatu mboni siziwerengedwa ngati mbuzi m'khola. Zimayesedwa kulemera kwake. Zitatu zidati zidamva kwa mayi uja kuchitsime, kotero mawu awo ndi a mayi yemweyo obwerezedwa katatu. Wachinayi yekha ndiye adalipo, ndipo akuti adamva kukalipirana koma osati kuopseza. Sikelo siinapendekere kwa wodandaula.

Mafumu, pano ndikupempheni chinthu chimodzi. "Sunatsimikizike" sindiye kuti mayiyo ndi wabodza. Mawuwo angotanthauza kuti umboni sunakwane. Musamlipitse nkhuku chifukwa chodandaula, pakuti mawa chimanga chikadzasowanso palibe amene adzatsegule pakamwa.

Chigawo chotsiriza ndicho malangizo. Wofufuza sapereka chilango. Amangouza amene adamtuma zoyenera kuchita, ndipo iwo angavomere kapena kukana. Langizo lililonse liyenera kuchokera pa chopeza. Pa nkhani yathu angalembe kuti komiti ichenjeze wosunga nkhokwe m'kalata chifukwa chogulitsa popanda chilolezo, kuti pachitseko pakhale maloko awiri ndi makiyi kwa anthu awiri, ndi kuti mlembi agule buku la malisiti mwezi usanathe. Akalemba kuti munthuyo abweze mtengo wa matumba 6, lipoti ladzitsutsa lokha, pakuti silinapeze kuti adadya kanthu. Langizo lakuti "anthu azigwirizana" lilibe ntchito, chifukwa silinena wochita kapena tsiku. Akadapeza zizindikiro za kuba kwenikweni, akadalangiza kuti nkhaniyo ipite kupolisi, ndipo kukhoti ikadayesedwanso ndi muyeso wolemera uja. N'chifukwa chake munthu angachotsedwe paudindo ndi lipoti koma n'kupambana kukhoti.

Ngati wogamula ndi ofesi ya boma, ndipo chigamulocho chikukhudza ufulu wanu kapena zinthu zanu, gawo 43 la Malamulo Aakulu a dziko la Malawi a 1994 likukupatsani ufulu woti nkhani yanu iyendetsedwe mwachilungamo ndi kuti mupatsidwe zifukwa zolembedwa. Pemphani zifukwazo. Ngati simukhutira, musangoti lipoti n'loipa. Tchulani nambala ya mlandu, ndi mboni imene sinafunsidwe kapena pepala limene silinaonedwe, ndipo mupite nazo kwa amene adatuma wofufuzayo, kapena ku ofesi ya Ombudsman.