Kholowa wa pachithunzi: yambani mwakumba musanathothole

Mvula ikagwa, kuseri kwa nyumba za lendi kumamera zinthu zambiri zomwe eni ake sadabzale. Mtsikana wongolowa kumene m'banja amaona chomera chobiriwira chayanga chakumpanda, n'kuchijambula pafoni kutumizira mayi ake kumudzi. Funso limakhala limodzi: kodi amayi, ameneyu si kholowa?

Mayi wodziwa kumunda sayankha msanga, ndipo sakulakwa. Tsamba lokha silikwanira. Mbatata ili ndi mitundu yambiri: ina masamba ake amaoneka ngati mtima, ina ndi ogawikana ngati zala, pafupifupi ngati a chinangwa. Choncho chithunzi cha tsamba limodzi, chojambulidwa pafupi kwambiri, chingapusitse ngakhale mlimi wa zaka zambiri.

Zomera zofanana nayo zilipo. Pali abale ake a mbatata, aja amayanga m'mipanda ndi kuchita maluwa ngati kalipenga, omwe njere za ena mwa iwo zili ndi poizoni. Palinso mpama wa kutchire, wa masamba ngati mtima, womwe mitundu yake ina ndi yoopsa.

Ndiye mwanayo abwererenso ndi foni yake, ajambule chomera chonse ataima chapatali. Apa mpomwe pagona nkhani. Mbatata imakwawa pansi, ndipo mukanyamula tsinde lake mupeza timizu toyera tatuluka pamfundo zomwe zakhudza dothi. Yokha siikonda kukwera. Chomera chomwe chadzikulunga pawaya kapena pansungwi ngati chingwe, n'kumapita m'mwamba, muchikayikire ndithu.

Atembenuzenso tsamba ajambule kunsi kwake. Mitsempha ya tsamba la mpama imayambira pamodzi pakaphesi, n'kupinda ngati uta kukakumana kunsonga. Ya mbatata imabalalika kuloza m'mphepete.

Ambiri amadalira utomoni. N'zoona kuti mukathyola tsinde la mbatata pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka, womata, womwe umadetsa zala ukauma. Ukasowa, chisiyeni chomeracho. Koma ukapezeka musathamangire kusinja nsinjiro, pakuti abale ake aja nawonso ena ali nawo.

Umboni weniweni uli m'dothi, komwe foni siiona. Tsatirani tsinde mpaka pomwe lamerera, mufukule pang'ono ndi kamtengo. Nthawi zambiri mbatata yomera yokha imachokera ku kachidutswa komwe wina adataya kudzala, ndipo mukapeza kali pomwepo. Mukapala khungu lake, mkati mukhala moyera, mwachikasu kapena mofiirira, ndi fungo lija tonse timalidziwa.

Chenjezo lina ndi la dzina. Masamba a mbatata ya kachewere sadyedwa, ali ndi poizoni, ngakhale nayonso timaitcha mbatata. Polemberana uthenga nenani bwino yomwe mukutanthauza.

Mukafukula osapeza kanthu, mwina chomeracho chikadali chaching'ono. Chisiyeni miyezi iwiri kapena itatu mudzaonenso, lero mukagule mpukutu wa kholowa kumsika.