Wopeza 8 nambala wani, wopeza 100 kumchira: mmene JavaScript imasanjira manambala

Mwana wa sitandade 2 mukamupatsa manambala 45, 72, 100, 8 ndi 61 kuti awayale kuyambira yaing'ono kukafika yaikulu, sachedwa nazo. Koma mukapereka ntchito yomweyi kwa JavaScript, chilankhulo cholembera mapulogalamu chimene chimayendetsa masamba ambiri a pa intaneti, yankho lake limadabwitsa. Amene ali ndi kompyuta angayese yekha: atsegule Chrome, adine F12, asankhe pamene palembedwa Console, kenako alembe izi:

```js
[45, 72, 100, 8, 61].sort()
// [100, 45, 61, 72, 8]
```

100 wabwera patsogolo ngati wamng'ono kuposa onse, 8 wapita kumapeto ngati wamkulu. Palibe uthenga wofiira wochenjeza, pulogalamu siima, ndipo kompyutayo sinawonongeke. Yachita zimene malamulo a chilankhulochi amanena.

Tiyerekeze kuti manambalawa ndi malikisi a ana asanu pa mayeso a masamu, ndipo sukulu ili ndi kapulogalamu kotulutsa mapozishoni kumapeto kwa teremu. Wolemba pulogalamuyo wasanja malikisi ndi `sort()`, kenako watembenuza mndandandawo ndi `reverse()` kuti wokhoza kwambiri akhale pamwamba. Chotuluka ndi 8, 72, 61, 45, 100. Mwana wopeza 8 ndiye nambala wani, ndipo amene sanalakwe funso ngakhale limodzi ali kumchira.

Chimene chimachitika mkati

Gwero la nkhaniyi ndi limodzi basi. `sort()` ikaitanidwa popanda kuuzidwa njira yoyerekezera zinthu, imayamba yasandutsa chilichonse cha mu mndandanda kukhala malemba. Apa 100 sakhalanso kuchuluka kwa zinthu, amangokhala zizindikiro zitatu zotsatizana: 1, 0, 0. Ikatero imayerekezera zizindikirozo chimodzichimodzi kuchokera kumanzere.

Umu ndi momwe mphunzitsi amalembera mayina mu rejisitala. Banda amabwera patsogolo pa Phiri chifukwa B ali patsogolo pa P, ndipo Chimphonda amabwera patsogolo pa Daka ngakhale dzina lake ndi lalitali. Chilembo choyamba chikasiyana, nkhani yathera pomwepo, zotsalazo palibe amene amaziyang'ana. Pa mayina njirayi ndi yolondola. Pa manambala imasocheretsa, chifukwa kutalika kwa nambala ndiko kumanena kukula kwake.

Chizindikiro chilichonse chili ndi nambala yakeyake m'kompyuta. JavaScript imatsatira dongosolo la UTF-16, momwe chizindikiro 0 ndi 48, 1 ndi 49, mpaka 9 amene ndi 57. Poyerekezera 100 ndi 8, imatenga 1 ndi 8, kuona kuti 49 ndi wochepera 56, n'kugamula kuti 100 akhale patsogolo. Maziro awiri aja siiwayang'ana n'komwe. Poyerekezera 100 ndi 45 zimakhalanso chimodzimodzi: 1 ali patsogolo pa 4, basi.

JavaScript inalembedwa ndi Brendan Eich ku kampani ya Netscape mu 1995, ndipo mndandanda wake umaloledwa kusunga chilichonse pamodzi: manambala, mawu, madeti. Pafupifupi chilichonse chingasandutsidwe malemba, choncho kusanja ngati malemba ndi njira imene imagwira pa zonsezi. Lero khalidweli silingasinthidwe mwachisawawa, chifukwa masamba ambirimbiri akale analembedwa modalira kuti `sort()` izichita chomwecho.

Chifukwa chake cholakwikachi chimabisala

Choopsa n'chakuti njira yolakwikayi imapereka yankho lolondola nthawi zambiri. Tayang'ananinso zimene zinatuluka: 45, 61 ndi 72 ali m'malo mwawo bwinobwino. Manambala akakhala a utali wofanana, osakhala apansi pa ziro, kusanja ngati malemba ndi kusanja ngati manambala kumafika pa yankho limodzi. Kalasi imene ana onse apeza pakati pa 10 ndi 99 idzatuluka bwino teremu ndi teremu. Vuto limadzaonekera tsiku limene wina wapeza 100, kapena wina wagwa mpaka kupeza 8. Wolemba pulogalamu amene anayesa ndi manambala ngati 3, 1, 2 yekha sangalione.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuchidziwa ngakhale kwa munthu wosalemba mapulogalamu. Manambala oyamba ndi 1 amaunjikana pamodzi, kenako oyamba ndi 2, kenako oyamba ndi 3. Mukaona mitengo ya katundu pa tsamba ili 1200, 15000, 2500, 800, 950 pomwe mwasankha kuti iyambe yotsika, dziwani kuti yasanjidwa ngati malemba. Manambala apansi pa ziro nawo amasokonekera: -1, -2 ndi -10 amatuluka -1, -10, -2, pomwe dongosolo lenileni ndi -10, -2, -1.

Mankhwala ake: kuiuza njira yoyerekezera

`sort()` imalola kuti muipatse kalamulo kanu koyerekezera zinthu ziwiri. Kalamuloka ndi fankishoni, kutanthauza kachigawo ka pulogalamu kamene kamalandira zinthu n'kubweza yankho. Olemba mapulogalamu amakonda kutchula zinthu ziwirizo `a` ndi `b`. Ntchito yosankha awiri oti ayerekezedwe ndi kusuntha zinthu imakhalabe ya `sort()`. Fankishoni yanu imangoyankha funso limodzi nthawi iliyonse ikafunsidwa: mwa awiriwa, atsogole ndani?

Yankho limaperekedwa ngati nambala, ndipo pali mayankho atatu. Ikakhala yapansi pa ziro, `a` atsogole. Ikakhala yoposa ziro, `b` atsogole. Ikakhala ziro, awiriwo ndi ofanana. Kukula kwa nambalayo kulibe kanthu, -27 ndi -1 akunena chinthu chimodzi. N'chifukwa chake kuchotsera kumakwanira:

```js
[45, 72, 100, 8, 61].sort((a, b) => a - b)
// [8, 45, 61, 72, 100]
```

Tiyeni tiutsate. `a` akakhala 45 ndipo `b` 72, kuchotsera kumapereka -27, choncho 45 atsogola. `a` akakhala 100 ndipo `b` 8, yankho ndi 92, loposa ziro, choncho 8 atsogola. Palibenso kusandutsa kanthu kukhala malemba, chifukwa fankishoni ikangoperekedwa, `sort()` imasiya njira yake ija n'kumvera yanuyo. Mukafuna kuti wamkulu ayambe, monga zimafunikira pa mapozishoni, mumangosinthanitsa n'kulemba `b - a`.

Kusukulu malikisi sayenda okha, amayenda ndi dzina la mwana. Pamenepo fankishoni iyenera kuloza chimene chikuyerekezedwa:

```js
ana.sort((a, b) => b.malikisi - a.malikisi)
```

Nanga ana awiri akapeza 61 onse? Yankho limakhala ziro, ndipo awiriwo amatsala m'dongosolo limene anali nalo poyamba. Ngati mndandanda unali wotsatira mayina, wa dzina loyamba ndi B adzakhalabe pamwamba pa wa dzina loyamba ndi P. Malamulo a chilankhulochi, otchedwa ECMAScript, anayamba kukakamiza zimenezi mu 2019. Kale Chrome inkatha kusinthanitsa zinthu zofanana mndandanda ukaposa zinthu khumi, mpaka pamene Chrome 70 inatuluka mu 2018.

Pamene mankhwalawo amalephera

Pali fankishoni ina yooneka yanzeru imene ambiri amalemba: `(a, b) => a > b`. Imeneyi imafunsa ngati `a` ndi wamkulu, ndipo yankho lake ndi `true` kapena `false`. JavaScript imawerenga `true` ngati 1 ndi `false` ngati 0. Ndiye kuti mwa mayankho atatu aja, limodzi silidzatuluka konse: fankishoniyi ilibe njira yonenera kuti `a` atsogole. 8 ndi 100 zikayerekezedwa m'dongosolo limenelo, yankho ndi ziro, ngati kuti ndi zofanana. Pa Firefox mndandanda umatha kutuluka wolondola, pomwe Chrome ya masiku ano imausiya momwe unalili. Mukamva kuti tsamba likusanja bwino pa kompyuta ya ku ofesi koma osati pa foni ya makolo, apa ndi poyambira kufufuza.

Msampha wachiwiri uli pa zimene anthu amalemba m'mabokosi a fomu. Zonse zochokera m'menemo zimafika ngati malemba, ngakhale zikhale manambala. Kuchotsera kumathandiza pang'ono, chifukwa `"100" - "8"` imaperekabe 92. Koma kalaliki akasiya bokosi la mwana wodwala lopanda kanthu, malo opanda kanthuwo amawerengedwa ngati 0, ndipo mwana amene sanalembe mayeso amaoneka ngati analemba n'kulephera zonse. Akalemba mawu akuti sanalembe, kuchotsera kumapereka `NaN`, chizindikiro chakuti chotulukacho si nambala. `sort()` imatenga `NaN` ngati ziro, ndiye kuti mwanayo amaoneka wofanana ndi aliyense, ndi wa 8 yemwe ndi wa 100 yemwe. Zikatero ngakhale ana amene malikisi awo ali bwino amatha kukhala pa malo olakwika. Mtengo wolembedwa ndi koma, monga `"1,500"`, nawonso umapereka `NaN`. Njira yabwino ndi kuyamba mwapatula amene alibe malikisi, kuchotsa makoma, kusandutsa zotsalazo kukhala manambala ndi `Number()`, kenako n'kusanja.

Chachitatu n'chakuti `sort()` siipanga mndandanda watsopano, imasanja womwewo umene mwaipatsa. Ngati mbali ina ya pulogalamu ikudalira kuti ana akhalebe m'dongosolo la rejisitala, idzapeza zasintha. Kuyambira mu 2023 pali `toSorted()` imene imabweza mndandanda wina n'kusiya woyambawo osaukhudza. Koma nayonso ikapanda kupatsidwa fankishoni imasanja manambala ngati malemba.

Kuyesa musanapereke kwa anthu

Kuti mudziwe ngati pulogalamu ikusanja bwino sipafunika manambala ambiri, pafunika osankhidwa mwadala. Ikanimo nambala ya dijiti imodzi, ya madijiti awiri ndi ya atatu, monga 9, 10 ndi 100. Onjezanimo manambala awiri ofanana, bokosi limodzi lopanda kanthu, ndipo ngati ndi nkhani ya ndalama, ngongole yapansi pa ziro. Muwasakanize musanasanje, chifukwa mndandanda wosanjidwa kale umabisa fankishoni imene siikusuntha kalikonse. Yesani pa Chrome ndi pa Firefox pomwe. Mphunzitsi wamkulu kapena mwini sitolo amene akulandira pulogalamu kwa wolemba angachite zimenezi yekha pa mphindi zochepa, ndipo 9 akatuluka pambuyo pa 10 ndi 100 posanja kuyambira yaing'ono, aibweze kuti wolembayo akaike `(a, b) => a - b` pamene pakusowa.