Sefa ndi Wotchi Zobisika mu Choimbira Sidi

Pa chimbale cha sidi palibe mawu, pali manambala okhaokha. Pojambula, makina amayeza mphamvu ya mawu ka 44,100 pa sekondi iliyonse n'kulemba. Poimba, kachipangizo kotchedwa DAC kamasandutsa nambala iliyonse kukhala mphamvu ya magetsi n'kuigwira mpaka nambala ina ifike. Ndiye chotuluka chimakhala ngati masitepe, pomwe mawu enieni amayenda mosalala ngati mafunde.

Masitepewo ali ndi zinyalala zake. Liwu lonjenjemera ka 1,000 pa sekondi limatuluka ndi zithunzithunzi zake pa 43,100 ndi pa 45,100. Khutu la munthu limalekezera cha pa 20,000, koma zinyalalazi zikhoza kusokoneza ampulifaya. Apa mpamene pamafunika sefa yobwezeretsa mawu: imalola zotsika kudutsa, n'kutsekereza zopitirira 22,050, theka la 44,100. Zikachoka, masitepe nawonso amatha, funde lija n'kubwerera.

Vuto linali loti mpata wa pakati pa 20,000 ndi 22,050 ngwopapatiza. Choimbira cha Sony cha mu 1982 chinkadalira sefa yodula mwadzidzidzi, ndipo sefa yotere imachedwetsako mawu okwera. A Philips anayamba awerengera manambala ena apakati, kuchulukitsa kanayi kufika 176,400, kotero zinyalala zinathawira kutali ndipo sefa wamba inakwanira.

Koma sefa imakhulupirira kuti nambala iliyonse yafika pa nthawi yake. Wotchi ya m'katimo ikamagunda mofulumirako pena, mochedwerako pena, akatswiri amati pali jita. Zili ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: musi ngwabwino, chimanga n'chabwino, koma wina akaphonya nthawi, kamvekedwe kasokonekera.

Tiwerengere. Sidi imagawa mphamvu ya mawu m'timagawo 65,536. Liwu la 20,000 likakwezedwa mpaka pamapeto, pamalo pomwe funde likuthamanga kwambiri, kuchedwa kwa nanosekondi imodzi (gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi) kumaphonyetsa timagawo tinayi. Pa liwu la besi la 100, kuchedwa komweko sikufika n'komwe pa kagawo kamodzi. N'chifukwa chake jita imaluma mawu okwera ndi amphamvu.

Wotchi ikamagwedezeka mosatsata dongosolo, imangoonjezera kaphokoso ka pansipansi. Ikamagwedezeka ka 1,000 pa sekondi, liwu la 10,000 limabereka ena awiri pa 9,000 ndi pa 11,000. Amenewa ali m'kati mwa zomveka, choncho sefa imawalola kudutsa ngati nyimbo. Amisiri amawazindikira poimbitsa liwu limodzi loyera n'kuona pa makina oyezera ngati pambali pake pamera timinga tiwiri.

Kunena zoona, pa zoimbira zabwino za masiku ano timingati timakhala pansi kwambiri moti khutu silitimva. Mawu akamakhadzula m'nyumba mwanu, ine ndingayambe ndakayikira sipika.